Separate kapena seperate? Lembo limene khutu silimva

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ndiyambe ndi kuulula tchimo. Tsiku lina ndikuphunzitsa Folomu 3 kuno kwa Champiti ndinalemba pa bolodi mawu akuti "seperate". Ndinawalemba mosakayika, mpaka kuwatseka mzere kunsi. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja nati, "Sala, m'buku la Kemisitiri, pa mutu wolekanitsa mchere ndi mchenga, analemba ndi a." Ndinatsegula dikishonale pamaso pa kalasi yonse, ndipo mwanayo ndiye anakhoza. Mawuwa ndi "separate". Ndinafufuta, ana anaseka, nanenso ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinadzifunsa kuti ndi ana angati amene anakopera e wanga uja m'makope mwawo n'kupita naye m'chipinda cha mayeso.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza kuti kaphunzitsidwe kathu ka mawu oterewa n'kolakwika. Mwana akaphonya timamuuza kuti alembe mawuwo ka 50, kapena timamuuza kuti "tamvetsera bwino, lemba zimene ukumva". Njira ziwiri zonsezi sizigwira pa mawu ngati "separate", ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

M'Chichewa tili ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Lililonse limamveka poyera paliponse pamene lili. Mukanena "kulekanitsa" mukumva u, e, a, i, a, palibe lobisala. N'chifukwa chake mwana wa Sitandade 2 akadziwa maphatikizo angathe kulemba mawu amene sanawaonepo. Khutu lake ndi lokwanira.

Chingerezi sichitero. M'mawu aliwonse aatali muli phatikizo limodzi limene mwini chiyankhulo amalitsindika, ndipo ena otsalawo amawafooketsa. Lembo la liwu la m'phatikizo lofookalo, kaya ndi a, e, o kapena u, nthawi zambiri limasanduka kaliwu kamodzimodzi kosadziwika bwino, kokhala ngati kubuula pang'ono. Akatswiri a ziyankhulo amakatcha shuwa, ndipo m'dikishonale amakalemba ndi e wozondoka, chonchi: ə. Ndiko kaliwu kamene kamamveka kawirikawiri kuposa maliwu ena onse m'Chingerezi. Tsono taonani "separate". Kutsindika kuli pa "se". Lembo lotsatira p lija lafooka. Mawuwa akakhala mneni, monga polekanitsa zinthu, a uja amangomveka ngati shuwa. Akakhala mfotokozi, monga ponena za zipinda zosiyana, ambiri amamumeza kotheratu n'kunena ngati "seprət". Ndiye mwana amvetsera chiyani? Lembo limene tikumuuza kuti alimve mulibemo m'mawu otuluka pakamwa. Kalembedwe ka Chingerezi kanakhazikika zaka mazana apitawo, makina osindikizira mabuku atafika ku England ndi William Caxton mu 1476 komanso Samuel Johnson atatulutsa dikishonale yake mu 1755. Katchulidwe kanapitiriza kuyenda, malembo anatsala pamene anaikidwa.

Khutu likalephera, dzanja limangotengera zimene linazolowera. Mwana waona kale "operate", "generate", "desperate" ndi "temperature", onse okhala ndi "er" pakati. Akafika pa "separate" amaika e mongotsatira anzakewo. Si umbuli ayi, ndi nzeru yofananitsa imene yaponda polakwika. Ndipo kumulembetsa ka 50 sikuchotsa chifukwa chimenechi. Ndinayesapo. Mwana amayang'ana mzere wa pamwamba n'kumakopera, maganizo ali ku mpira, ena mpaka amalemba s makumi asanu kutsika m'munsi, kenako e makumi asanu. Pakatha milungu iwiri, m'chimangirizo, "seperate" wabwerera ngati nsikidzi.

Njira yoyamba imene ndaona ikugwira ndi kufunsa achibale. Mawu a Chingerezi ali ndi mabanja, ndipo nthawi zambiri pamakhala m'bale mmodzi amene kutsindika kumagwera pa lembo lobisalalo, n'kuliulula. "Separate" anachokera ku Chilatini, "separare": "se" kutanthauza padera, ndi "parare" kutanthauza kukonza. Tsinde lomwelo lili mu "prepare", ndipo palibe mwana amene amalemba "prepere". Choncho ndimalemba pa bolodi "pre-pare" ndi "se-par-ate", wina pamwamba pa mnzake, a ndi a kuyang'anizana. Nanga "desperate" bwanji ali ndi e? Chifukwa si wa banja limeneli. Iye ndi wa "sperare", kuyembekezera, ndipo munthu wotchedwa "desperate" ndi amene wataya chiyembekezo. Amangofanana nkhope, koma mitundu ndi yosiyana.

Tiyeni tiyende ndi mawu amodzi mpaka kumapeto, monga ndimachitira m'kalasi. Mwana walemba "definately". Sinditseka mawu onse ndi inki yofiira, ndimangozunguliza a yekhayo, kuti aone kuti malembo ena onse anakhoza. Kenaka ndimafunsa kalasi kuti tichotse za kumutu ndi za kumchira. Tikachotsa "de" ndi "ly" patsala "finate". Kodi alipo mawu otere? Palibe. Koma alipo "finite", amene ana a Folomu 3 amawadziwa kuchokera ku masamu ndi ku phunziro la aneni, ndipo potchula "finite" ma i onse awiri amamveka bwinobwino ngati "ai". Timawonjezera "finish" ndi "definition", nawonso a banja lomwelo. Tsopano mwana amamanganso yekha: de, finite, ly. Pomaliza aliyense amatseka kope n'kulemba chiganizo chakechake chokhala ndi mawuwa, ndipo ndimadzawabweretsanso pa lembetso sabata yotsatira. Zonsezi sizipitirira mphindi 10. Njira yomweyi imagwira pa "grammar" mukafunsa "grammatical", pa "medicine" mukafunsa "medicinal", pa "relative" mukafunsa "relate", ndi pa "history" mukafunsa "historical".

Koma m'bale naye amanamiza nthawi zina, ndipo ana tiwauziretu. "Pronounce" ali ndi "ou" koma "pronunciation" alibe o wachiwiriyo. "Maintain" amabereka "maintenance", osati "maintainance". "Explain" amataya i mu "explanation". Mawu oterewa ndimawaika pa mndandanda wawowawo pa khoma, ndipo ana anautcha okha kuti achibale achinyengo.

Njira yachiwiri ndi imene ena mwa anzanga amandinyoza nayo, koma ndiyo ndimaikonda kwambiri. Ndimauza ana kuti polemba atchule mawuwo Chichewachewa mumtima: se-pa-ra-te, lembo lililonse limveke. Ve-ge-ta-ble. In-te-rest. Dif-fe-rent. Feb-ru-a-ry. Lilime lathu, limene timalichitira manyazi tikamayankhula Chizungu, pano ndi chuma. Mwana wa ku London alibe chizolowezi chimenechi, amachita kuphunzitsidwa. Wathu anayamwira.

Umboni uli m'mawu amene tinabwereka kale. Mngelezi wa ku Britain potchula "secondary" kawirikawiri amameza a uja, koma ife timati sekondale, ndipo a ali pomwepo. Chimodzimodzi pulayimale, laibulale, dikishonale ndi kalendala. Mwana amene akukayika pakati pa "calendar" ndi "calender" angokumbuka kalendala ya pakhoma, n'kuona kuti pambuyo pa d pali a. Mwana wolemba "secondry" kapena "dictionery" ali nalo kale yankho m'kamwa mwake, kungoti palibe anamuuza kuti akhoza kulikhulupirira.

Apanso pali malire, ndipo ndi awiri. Oyamba ndi akuti ife timawonjezera malembo a liwu pamene Chingerezi chilibe: sukulu, buledi, sitolo, kalasi. Amene angatsatire zimenezi mwakhungu adzalemba "sitore". Achiwiri ali kumchira kwa mawu. Shuwa wa kumapeto timamusandutsa a nthawi zonse: dokotala, pepala, batala, kompyuta, shuga. Pa shuga tapulumuka chifukwa "sugar" alidi ndi a, koma "doctor" ali ndi o, pamene "paper", "butter" ndi "computer" ali ndi e. Choncho lamulo langa kwa ana ndi lakuti mawu obwereka awakhulupirire pakati pa mawu, koma kumapeto atsegule dikishonale. Ndipo kutchula Chichewachewa kumathandiza pokhapokha mwana atayamba waona kalembedwe koyenera. Akayamba ndi "seperate" adzangoimba se-pe-ra-te mosangalala mpaka kukalamba.

Mnzanga wina mu sitafu anati ndikuwononga katchulidwe ka ana, adzapita ku intavyu akunena "vegetabule". Nkhawa yake ndi yomveka. Yankho langa ndi lakuti ndimaphunzitsa zonse ziwiri ndipo ndimazitchula maina: aka ndi katchulidwe ka pakamwa, aka ndi ka cholembera. Ana athu amasintha pakati pa Chichewa ndi Chingerezi tsiku lonse, sangalephere kusunga matchulidwe awiri a mawu amodzi. Wina anati masiku ano foni imakonza yokha. N'zoona, koma m'chipinda cha mayeso a MANEB foni silowa, ndipo satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Ine ndikamachonga zimangirizo, ndimaona mwana wa maganizo abwino akutaya malikisi pang'onopang'ono chifukwa cha timalembo totere, ngati thumba la chimanga lobooka pa ngolo. Komanso foni siingakuuzeni kuti mwalemba "stationary", chinthu chosayenda, pamene mumafuna "stationery", makope ndi zolembera, popeza onse awiri ndi mawu enieni. Zikwangwani za mashopu ena m'misika yathu zikuchitira umboni.

Pempho langa kwa anzanga ndi laling'ono. Tisiye chilango cholemba ka 50. Titenge mawu asanu okha pa sabata, ochokera m'makope a ana omwewo, osati m'mutu mwathu. Pa mawu aliwonse tizunguliza lembo lobisala, tifunse m'bale, ndipo m'bale akasowa, monga pa "cemetery", titchule Chichewachewa. Aphunzitsi a Kemisitiri ndi Jogalafe nawonso atithandize, chifukwa "separate" ndi "temperature" amalembedwa kwambiri pa bolodi lawo kuposa pa langa.

Kwa inu amene ndinakuphunzitsani chisanachitike chija, ngati mpaka lero mumalemba "seperate" m'makalata a ku ntchito, mlandu ndi wanga, pepani. Konzani lero. Ndipo iwe mwana wanga amene unakweza dzanja tsiku lija, kulikonse kumene uli, zikomo. Wakutsina khutu ndi mnansi.