Mwana ali ku Oman, muimbireni 7 koloko

Mu minibasi simusowa katswiri. Munthu akangofunsa funso, amene sanafunsidwe ndiye amayankha, ndipo amayankha mokweza kuti ndi kondakitala yemwe amve. Tsiku lina tikuchoka pa boma pa Ntcheu kulowera ku Lizulu, mayi wina wogula mbatatesi anatulutsa foni pa mpango n'kufunsa mnzake. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Oman, ndipo anawauza kuti azimuimbira 9 koloko usiku, nthawi ya kumeneko, akamaliza kutsuka mbale za abwana. Funso lawo linali lakuti kuno ikhala ili nthawi yanji.

Mnyamata wina wovala bwino, mafoni awiri m'manja, sanadikire.

"Mayi, kumeneko ali patsogolo ndi maola awiri. Ndiye muwonjezere awiriwo, muziimba 11 koloko."

"Zikomo achimwene, inu ophunzira mumatithandiza."

Ine magazi anawira. Theka la yankho lake linali loona, ndipo theka loonalo ndi limene linabisa bodza. Ku Oman alidi patsogolo pathu ndi maola awiri. Koma mayiwo akanaimba 11 koloko ya kuno, foni ikanalira 1 koloko ya usiku m'nyumba ya eni, mwana atagona, abwana atagona, ndipo sindikufuna kuganiza zimene akanamuuza mwanayo kutacha. Nthawi yoyenera inali 7 koloko madzulo. Ndinalowerera, monga mwaganizira kale, ndipo tinafika pa Biriwiri tikukanganabe.

Lamulo lake ndi lalifupi moti mwana wa sitandade 5 angaligwire: amene ali kum'mawa kwako ali patsogolo, amene ali kumadzulo kwako ali m'mbuyo. Chifukwa chake timachiona tsiku lililonse. Dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ngati chimanga chimene akuchitembenuza pa mbaula, ndipo mbali imene yayamba kuyang'ana moto ndiyo imayamba kupsa. Kwa ife a pa boma, dzuwa limatulukira cha ku chigwa cha Bwanje n'kukalowera kuseri kwa mapiri a ku Angonia. Msodzi wa ku Mangochi limamufika paliwombo mlimi wa ku Mchinji lisanamufike, kusiyana kwake pafupifupi mphindi 10. Dziko lonse analigawa madigiri 360, ndipo limatha kuzungulira pa maola 24. Gawani nokha: madigiri 15 pa ola limodzi, kapena mphindi 4 pa digiri iliyonse. Masamu onse a nkhaniyi ndi omwewa.

Tsono mnyamata uja anaphonya pati, popeza lamulolo ankalidziwa? Sanadzifunse kuti 9 koloko imene anapatsidwayo ndi ya wotchi ya yani. Ukakhala ndi nthawi ya kuno n'kumafuna kudziwa ya kum'mawa, umawonjezera: 7 koloko ya pa Ntcheu ndi 9 koloko ya ku Muscat. Koma ukapatsidwa nthawi ya kum'mawa n'kumafuna kudziwa ya kuno, umachotsera, chifukwa tsopano waima pa wotchi ya mwanayo ukuyang'ana kumadzulo, kwa ife otsalira. Ine ndimayesa yankho langa ndi funso limodzi lokha: kodi kukuda msanga kwa yani? Ngati mwana ali kum'mawa, kwa iye kuyenera kukhala kutada kale kuposa kuno. Yankho limene likuika mayi pa 11 koloko mwana ali pa 9 lasandutsa Ntcheu kukhala kum'mawa kwa Arabia, ndipo likanayenera kumukayikitsa mnyamatayo asanatsegule pakamwa.

Nanga maola awiriwo achokera kuti? Mu 1884 nthumwi za maiko zinakumana ku Washington n'kugwirizana kuti madigiri aziyambira kuwerengedwa pa Greenwich, ku London. Masiku ano dziko lililonse limatchula kutalika kwa wotchi yake ndi ya pa Greenwich. Malawi ali patsogolo ndi maola 2, Tanzania ndi Kenya maola 3, Oman ndi Dubai maola 4, China maola 8. Chotsani 2 wathuyo, chotsalacho ndiko kusiyana. Kumadzulo n'chimodzimodzi koma chobwerera: Nigeria ndi Angola ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, Ghana maola awiri. N'chifukwa chake pa 31 Disembala anthu a ku Sydney amaphulitsa makombola a chaka chatsopano ife tili pa 3 koloko masana tikupalira chimanga, pomwe a ku New York amalowa chakacho ife titadzuka kale, 7 koloko m'mawa.

Mpaka apa lamulo likuyenda bwino, ndipo ndikanasiyira pompa mukanandithokoza. Koma safunsa anadya phula, ndipo amene angatenge lamuloli n'kumayenda nalo osafunsa adzadya phula lambiri. Dzuwa limamvera lamuloli nthawi zonse. Wotchi imamvera boma.

Tayambani ndi pa Lizulu pomwepo. Mukawoloka msewu wa M1 kulowera kumadzulo mwaponda dziko la Mozambique, koma palibe amene amabweza wotchi, ndipo n'zomveka, poti mwangoyenda mapazi ochepa. Koma pitirizani ulendo, mudutse Tete, Harare, Joni, mpaka ku Cape Town kumene kuli ana athu ambiri a ku Ntcheu kuno. Wotchi ndi yomweyo! Chikhalirecho Ntcheu ali pa madigiri pafupifupi 34 ndi theka, Cape Town pa 18 ndi theka. Kusiyana madigiri 16, ndiye kuti dzuwa limafika paliwombo kumeneko patatha ola ndi mphindi zingapo litafika kuno. Onjezerani kuti iwo ali kumwera kwambiri, kumene masiku a chisanu amafupika ndipo a dzinja amatalika, muona zodabwitsa. Mu Juni dzuwa limatuluka kuno itangopitirira 6 koloko, pomwe ku Cape Town limatuluka cha m'ma 8. Mu Disembala ife timayatsa nyali itangopitirira 6 madzulo, iwo dzuwa likadalipo mpaka cha m'ma 8. Choncho mwana wanu akakuuzani kuti kukadali mdima inu mutabwerako kale kudimba, musamutche waulesi. Sakunama, ngakhale ena mwa iwo ulesi ali nawo ndithu.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi Tanzania. Aliyense wopita ku Dar es Salaam kukaoda katundu amadziwa kuti ukawoloka mlatho wa Songwe umakankhira wotchi patsogolo ndi ola. Anthu amati n'chifukwa chakuti Tanzania ali kum'mawa. Tsegulani mapu. Mbeya, mzinda waukulu woyamba umene mumafikira, uli pa madigiri 33 ndi theka, kumadzulo kwa Ntcheu. Kampala ndiye uli kumadzulo kuposanso apo, koma nawonso ali patsogolo pathu ndi ola. Tembenukirani mbali inayo: Nampula ndi Nacala, kumene njanji yathu imakathera, ali kum'mawa kwenikweni. Nampula ali pa mzere umodzi ndi Dar es Salaam, pa madigiri 39, koma wotchi ya ku Nampula ndi yofanana ndi yathu pomwe ya ku Dar ili patsogolo. Palibe chozizwitsa apa. Boma lililonse limafuna kuti maofesi, mabanki ndi masitima a dziko lonse aziyendera wotchi imodzi, ndiye Tanzania yense anatsata nthawi yoyenera kugombe kwake, Mozambique yense n'kutsata yoyenera Maputo. China, dziko lotambalala madigiri oposa 60, limayendera nthawi imodzi ya ku Beijing. Congo yekha pa anansi athu apafupi ndiye anavomera kugawika: Lubumbashi ali nafe limodzi, Kinshasa ali m'mbuyo ndi ola.

Ndiye pali Azungu ndi khalidwe lawo losuntha wotchi kawiri pa chaka. Anyamata oonera mpira wa ku England m'mavidiyo a pa boma amalidziwa vutoli, ngakhale ambiri sadziwa gwero lake. Masewero a Loweruka amene kumeneko amayamba 3 koloko, kuno timawaona 4 koloko mu Ogasiti ndi Seputembala. Likangodutsa Lamulungu lomaliza la Okutobala, masewero omwewo amayamba 5 koloko, ndipo zimakhala choncho mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi. Ndamvapo mwini vidiyo akunenedwa kuti wachedwetsa dala mpira kuti agulitse zakumwa. Iye sanalakwe kanthu. A ku England ndiwo abweza wotchi yawo, ndipo kusiyana kwathu ndi iwo kwachoka pa ola limodzi kufika pa awiri. Onani kuti lamulo lija silinagwe: iwo ali kumadzulo ndipo ali m'mbuyo chaka chonse. Chimene chasintha ndi chiwerengero cha maola chokha. Kwa malo akutali, lamulo limakuuzani molondola mbali yoyendera, kuwonjezera kapena kuchotsera. Chiwerengerocho mufunse, kapena muone pa foni, poti mafoni onsewa ali ndi wotchi ya mizinda ya maiko ena imene eni ake saitsegula n'komwe.

Apa ndiye pandifikitsa pa chilonda changa chakale. Wotchi ya Malawi inatengedwa pa digiri ya 30, ndipo mzere umenewo umadutsa ku Zambia ndi ku Zimbabwe, kumadzulo kwathu. Ife tili kum'mawa kwake ndi madigiri anayi ndi theka. Chulukitsani ndi mphindi 4: dzuwa la pa Ntcheu lili patsogolo pa wotchi ndi mphindi pafupifupi 18. Kunena kwina, Mulungu anatipatsa mwayi wodzuka msanga kuposa mmene wotchi ikufunira. Nanga bwanji msonkhano wa chitukuko woitanidwa 8 koloko umayamba 11? Nonse mwakhalapo pa benchi pansi pa mtengo, mukusuntha ndi mthunzi, kudikira mlendo wolemekezeka amene "wanyamuka kale". Ndinawerengera tsiku lina kuti ndione dziko limene bwana wotereyu amayendera wotchi yake. Maola atatu m'mbuyo mwa Malawi ndi zilumba za Cape Verde, pakati pa nyanja ya Atlantic. Kumeneko ndi kumene kumakhala apampando athu ambiri, akwati athu onse, ndi madalaivala a minibasi amene amati "tikunyamuka pompano".

Anthu amati ndiyo nthawi yachikuda, n'kumaseka. Ine sindiseka nawo. Agogo athu sankachedwa. Ankapangana kuti tikumane tambala woyamba akalira, kapena dzuwa likapendeka, ndipo ankakumanadi, chifukwa wotchi yawo inali kumwamba, aliyense akuiona. Mlimi wa kabichi wa ku Tsangano mpaka lero sachedwa lole ya 4 koloko m'bandakucha. Ochedwa ndi ife ovala mawotchi.

Choncho inu apampando a makomiti, mukamalemba kalata yoitanira anthu, chitani chimodzi mwa ziwiri. Lembani 8 koloko ndipo mufike 8 koloko, kapena onjezerani pansi pake kuti ndi 8 koloko ya ku Cape Verde, kuti ife a ku Ntcheu tiyambe tapita kumunda.