Nkhope ya mu foni si ija ya pa galasi

Mukakwera basi ya ku Kalingalinga m'mawa, yang'anani mafoni a anzanu okhala nawo pampando. Pa sitetasi aliyense ndi wosalala ngati khanda, mphuno yowongoka, khungu loyera. Koma mwini wake ali pomwepo, ndipo sakufanana ndi chithunzicho. Ine nkhawa yanga si yakuti anthu akunamiza anzawo ayi, koma yakuti ayamba kudana ndi nkhope yawoyawo.

Foni imanama kawiri. Bodza loyamba ndi la kamera yakutsogolo. Mukaigwira pafupi, mphuno imayandikira kamera kuposa makutu, motero imaoneka yaikulu. Madokotala a ku America anawerengetsa mu 2018 kuti selufi yojambulidwa pa masentimita 30 imakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chithunzi chojambulidwa pa mita ndi theka. Manje munthu amaona mphuno yabodzayo n'kuyamba kudandaula.

Bodza lachiwiri limabwera ngati mankhwala a loyamba lija. Mafoni ambiri ali ndi batani la Beauty, ndipo pa ena limakhala loyatsidwa kale mukamagula. Limafafaniza tiziphuphu, kuchepetsa chibwano ndi kuwalitsa khungu. Fyuluta ya Bold Glamour, imene inatchuka pa TikTok mu 2023, siisuntha ngakhale mupititse dzanja kumaso, ndiye maso amaikhulupirira. Eni ake a TikTok analengeza mu Novembala 2024 kuti aletsa mafyuluta ena osintha nkhope kwa osakwana zaka 18. Akudziwa zimene amachita.

Kuno kwathu vuto limathera pa khungu. Mtsikana akazolowera kudziona woyera mu foni, galasi la kunyumba limayamba kumukhumudwitsa, ndiye amakagula mafuta oyeretsa khungu pa msika. Ena mwa mafutawa ali ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu ndi kusiya mabala akuda osachoka msanga. Ndalama yapita, khungu lapsa, ati kuthamangitsa nkhope imene kulibe.

Yesani izi Loweruka likubwerali. Tsitsani Beauty ifike pa 0. Imani panja pamthunzi masana, mnzanu atalikire masitepe awiri, akujambuleni ndi kamera yakumbuyo. Nkhope imeneyo ndiyo imene kondakita ndi amake mwana oyandikana nanu amaona tsiku lililonse, ndipo palibe amene anathawapo.

Chithunzi cha wina chikakupwetekani mtima, chikulitseni ndi zala. Khungu lenileni limakhala ndi timabowo ndi timizere. Likasalala ngati pulasitiki, lakonzedwa. Yerekezani mtundu wa nkhope ndi wa khosi, makutu ndi manja. Onaninso chitseko kapena geti ili kumbuyo: ikapindika pafupi ndi chiuno, chiunocho chakokedwa. Owotcherera a mu Alick Nkhata sapanga geti zokhota choncho, mwandi.