Foni ya salaula? Yambani mwaiyesa

Ku Katondo Street foni iliyonse "ili che bwino" mpaka mufike nayo kunyumba. Ndalama zikalibe kuchoka m'thumba, tinikani *#06#. Nambala ya IMEI yamene izaoneka ifunika kulingana na ya pabokosi. Ngati zasiyana, isiyeni, ingakhale yakuba.

Pa iPhone, Battery Health ikakhala pansi pa 80%, batili yasila, achoseko mtengo.

Manje segulani chithunzi choyela, kuwala mukweze mpaka kumapeto. Mukaona vimithunzi va kiyibodi vili mbuu, sikilini inapsa, ndipo sivichoka.

Vamanzi ndiye vamene ogulitsa sakamba. Chosani kathileyi ka SIM, muunike mukati na tochi. Mafoni ambili ali na kapepala koyela mwamene muja. Ngati kafiila, foni inamwapo manzi, olo m'nyamata alumbile bwanji.