Intavyu ya pa Kanema: Konzekani Ngati Magetsi Azimadi

Mwezi uno tifuna tikambirane za mayeso olowera ntchito amene masiku ano akuchitika pa kanema. Kuyambira 2020, pamene matenda a Kovidi analetsa anthu kusonkhana, olemba ntchito ambiri anazolowera kufunsa munthu mafunso iye ali kwawo, iwo ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Amangotumiza linki ya Zoom kapena Teams, natchula tsiku ndi ola. Kwa ife a kuno ku Mwanza izi zatipulumutsa ku ndalama za basi, koma zatibweretsera nkhawa ina: nanga magetsi akazima, kapena netiweki ikathawa mafunso ali m'kati?

Langizo lathu ndi limodzi. Musakonzekere moyembekeza kuti zonse ziyenda bwino. Konzekani ngati kuti magetsi azimadi ndipo netiweki idukadi, kotero kuti zikachitika mudziwe chochita m'mphindi imodzi.

Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo a Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unatisautsa kufikira 2023. Ngakhale pamene magetsi ali okwanira, mphenzi kapena mtengo wogwera pa mawaya nyengo ya dzinja ukhoza kuzimitsa dera lonse popanda chenjezo. Nsanja za mafoni nazonso zimadya magetsi omwewo. Akazima, nsanjazo zimadalira mabatire kapena injini, ndipo mdima ukatalika netiweki imafooka m'malo ena. Ndiye chifukwa chake mavuto awiriwa amakonda kubwera limodzi.

Tiyeni tiyerekeze msungwana wa ku Thambani amene anaphunzira za unamwino. Walandira imelo yomuuza kuti intavyu yake idzachitika Lachiwiri, m'mwezi wa Julaye, 10 koloko m'mawa nthawi ya ku London, ndipo idzatenga mphindi 45. Ali ndi foni yake, ndipo kwatsala mlungu umodzi. Ayambire pati?

Choyamba adziwe ola lenileni. Kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumapeto kwa Okutobala ife timakhala patsogolo pa London ndi ola limodzi, ndipo miyezi yotsalayo timakhala patsogolo ndi maola awiri, pakuti Angelezi amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka. Choncho mu Julaye 10 koloko ya kumeneko ndi 11 koloko ya kuno. Akanakhala kuti ofunsawo ali ku Joni, nthawi ikanakhala yofanana ndi yathu. Akanakhala ku Nairobi, 10 koloko yawo ikanakhala 9 koloko yathu. Ola limeneli alilembe pa pepala ndi kulimata pa khoma.

Chachiwiri ndi kusankha malo, ndipo apa ambiri amanyengeka ndi timizere ta netiweki timene timaoneka pamwamba pa foni. Timizereto timangosonyeza kuti foni ikumva bwino nsanja. Sitinena kuti nsanjayo yadzaza ndi anthu angati. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yoona ndi kuyeza liwiro. Atsegule fast.com pa foni, adikire nambala yoyamba, kenaka adine pamene palembedwa Show more info kuti aone nambala ya Upload. Nambala imeneyi ndiyo liwiro limene nkhope ndi mawu ake adzachokera kwa iye kupita kwa ofunsawo, ndipo kawirikawiri imakhala yaing'ono kuposa inzake. Eni ake a Zoom amati kucheza kwa anthu awiri kumafuna 0.6 Mbps mbali iliyonse, ndipo ofunsa akakhala angapo pamafunika pafupifupi 1 Mbps potumiza. Ife tikuti afunefune malo opereka 2 Mbps kapena kuposerapo, kuti liwiro likatsika pakhale potsalira.

Kuyezaku kuchitike pa ola lomwelo la intavyu, masiku atatu otsatizana, pa Airtel ndi pa TNM pomwe, popeza netiweki imene ithamanga m'bandakucha ikhoza kukwawa masana. Ngati magetsi angazime m'masiku amenewo, ayeze nthawi yomweyo, chifukwa ndipo adzaone khalidwe lenileni la nsanja ya kwawo. Tinene kuti msungwana wathu wapeza kuti kunyumba Upload ikungofika 0.3 Mbps, koma kwa azakhali ake pa Boma ikufika 3 Mbps pa netiweki imodzi ndi 1.5 Mbps pa inayo. Nkhani yatha: intavyu achitire pa Boma, ndipo akagone komweko Lolemba m'malo modalira kabaza m'mawa wa tsikulo.

Pali msampha wina wa ife okhala pafupi ndi malire a Zobue. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, nthawi zina imalumphira ya ku Mozambique, monga Vodacom kapena Movitel, ndipo bandulo ya kuno siigwira ntchito kumeneko. Chizindikiro chake ndi dzina lachilendo kapena chilembo R pamwamba pa foni. Mankhwala ake ndi kulowa mu Settings, kupeza pamene pali Network operators kapena mawu ofanana nawo, kuzimitsa kusankha kwa yokha, ndi kusankha ndi dzanja netiweki ya kwathu.

Chachitatu ndi bandulo. Mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha satsegula Zoom kapena Teams, ndipo a usiku sagwira ntchito masana. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Kukula kwake tiwerengere chonchi: pa liwiro la 0.6 Mbps mbali zonse ziwiri, ola limodzi limadya pafupifupi 540 MB, koma chithunzi chikakhala chowala kwambiri likhoza kudya kuposa 1 GB. Mphindi 45 za mafunso, kuonjezapo mphindi 15 zodikira, ndi ola lathunthu. Choncho agule 2 GB pa netiweki yamphamvu ija, 1 GB pa inayo, ndi ina yapadera yoyeserera, pokumbukira kuti kuyeza liwiro nakonso kumadya. Aonenso tsiku limene bandulo idzathere, kuti ya tsiku limodzi isafe Lachiwiri m'mawa. Aletse foni kukonzanso mapulogalamu mwa yokha, chifukwa imatero mwakachetechete nimaliza bandulo mwini wake osadziwa.

Chachinai ndi moto wa m'batire. M'malo mokhulupirira zolembedwa pa katoni, ayese yekha. Atsegule zoom.us/test kuti aone ngati kamera ndi mawu zili bwino, kenaka aimbirane ndi mnzake pa pulogalamu yomweyo kwa mphindi 15. Alembe moto ndi bandulo zimene zinalipo poyamba ndi zimene zatsala, nachulukitse kusiyana kwake kanai. Ngati moto watsika kuchoka pa 90 kufika pa 80, ndiye kuti ola lidzadya magawo 40 pa 100, ndipo foni yodzaza idzakwanitsa. Ngati watsika kufika pa 65, ola lidzamaliza batire yonse, ndipo pafunika pawabanki yolumikizidwa kuyambira pachiyambi. Dziwani kuti pawabanki yolembedwa 10,000 mAh siipereka moto wonsewo, pakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika posamutsa. Imadzaza foni ya masiku ano kamodzi ndi kotsalako pang'ono. Zonse zitchajidwe dzulo lake, kaya pa magetsi kaya pa sola, osati m'mawa wa tsikulo. Foni ikatentha imayamba kuchedwa, choncho aichotse m'chikwama chake ndipo asaiike padzuwa.

Mafoni akhale awiri, ndipo apa ndi pamene inu makolo mungathandize pobwereketsa yanu. Chifukwa chake ndi ichi: pa mafoni ambiri, munthu akakuimbirani, intaneti imafooka kapena kuduka, makamaka akaimba pa simukhadi yachiwiri ya foni yomweyo. Choncho foni ya kanema ikhale ndi simukhadi imodzi yokha, ndipo abale auzidwe kuti asaimbe pa ola limenelo. Foni inayo ikhale ndi netiweki yachiwiri ija, pulogalamu ndi linki zikhalemo kale, ili chete pambali pa tebulo.

Tsopano tafika pa mfundo imene ipambana zonse, ndiyo kupangana ndi ofunsawo tsiku lisanafike. Achinyamata ambiri amaopa kutchula za magetsi, poganiza kuti aoneka osakonzeka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Masiku awiri intavyu isanachitike, msungwana wathu ayankhe imelo ija m'Chingerezi, m'mizere inai yokha. Athokoze, atsimikize tsiku ndi ola m'nthawi zonse ziwiri, anene kuti kumene ali magetsi ndi intaneti nthawi zina zimaduka ndipo wakonza njira ina, kenaka apereke nambala ya foni yachiwiri yoyamba ndi +265, napemphe kuti amuimbire ngati sabwerera m'mphindi zitatu. Apemphenso nambala ya mmodzi wa iwo, nailembe pa pepala. Kalata yotere imasonyeza munthu woona patali.

Pa tsikulo akhale moyang'ana zenera, kuti kuwala kwa dzuwa kugwe pankhope. Akatero magetsi akazima ofunsawo sadzazindikira nkomwe. Zenera likakhala kumbuyo, nkhope imangoda bii. Foni aitsamiritse pa mabuku molingana ndi maso, ndipo avale mahedifoni a waya amene safuna kutchaja, amenenso amathandiza mvula ikamagunda pa malata. Alowe mphindi 10 nthawi isanakwane.

Zinthu zikayamba kuvuta, atsike makwerero atatu mwa dongosolo. Chizindikiro choyamba ndi nkhope za ofunsawo kuima njii, mawu kudukaduka, kapena uthenga wa Zoom woti Your internet connection is unstable. Pamenepo anene mwaulemu kuti azimitsa kamera kuti amvane bwino, nadine Stop Video. Mawu okha amafuna pafupifupi 0.08 Mbps, ndiko kunena kuti ngakhale netiweki yofooka ikhoza kuwanyamula. Zikadukiratu, asataye nthawi kuzimitsa ndi kuyatsa foni. Atenge foni yachiwiri nalowe ndi linki yomwe ija. Zimenezonso zikakanika, mphindi zitatu zija zikakwana, alandire foni yawo kapena awaimbire yekha, nchifukwa chake mufoni yachiwiri mukhalenso mayunitsi oimbira. Akabwerera apepese kamodzi kokha, abwereze funso limene analimva lomaliza, napitirize yankho. Kupepesa kosalekeza kumadya nthawi imene akanadzifotokozera.

Makolo, gawo lanu pa ola limenelo ndi laling'ono koma lolemera. Tengani ana aang'ono mupite nawo kwa anansi, zimitsani wailesi, ingitsani nkhuku pa khonde, ndipo khalani panja kuti mulandire mlendo asanafike pa khomo kudzaodira. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli wina amene wayeza kale napeza malo amene netiweki imagwira bwino, auzeko anzake, kuti wotsatira asayambirenso pachiyambi.