Ndemanga: Pepani yekha sagoneka mlendo

Aliyense amene amayenda mumsewu wochoka pa Kamwendo kudzera pa Kapiri kupita ku Kasungu akudziwa kuti m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Mchinji malo ogona alendo ndi owerengeka. Masiku ambiri zipinda zimakwanira, zina mpaka kugona zopanda anthu. Koma ikafika nyengo yogula mtedza ndi soya, kapena bungwe lina likabweretsa maphunziro a masiku atatu, zinthu zimasintha. Chimodzimodzinso ku boma ndi ku Chipata kumapeto kwa Febuluwale pamwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, komanso kumapeto kwa Ogasiti pomwe Achewa amakhamukira ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Nyengo zotere ndi pomwe munthu amene adasungitsa chipinda, kulipiriratu kumene pa Mpamba kapena Airtel Money, amafika usiku ndi banja lake n'kuuzidwa kuti malo adzaza. Mawu amene amalandira ndi akuti pepani, kenaka mlonda amamulozera ndi tochi komwe angakayeseko mwayi. Kupepesa kotereku ndi kosakwanira. Malo ogona amene alonjeza chipinda n'kulephera kuchipereka ali ndi ngongole kwa mlendoyo, ndipo ngongoleyo njowerengeka m'makwacha.

Kulandira alendo ambiri kuposa zipinda si ngozi nthawi zonse. Mahotela akuluakulu padziko lonse amachita dala, kaamba koti pa anthu osungitsa malo pamakhala ena amene sabwera ndipo sanena. Chipinda chikagona chopanda munthu, ndalama ya usiku umenewo yapita, sichingasungidwe ngati thumba la chimanga kuti chidzagulitsidwe mawa. Choncho hotela imalonjeza zipinda zingapo zoonjezera poyembekezera kuti osabwerawo asiya malo. Uku ndi kubetcha, ndipo tsiku lina onse amabwera.

M'malo ogona a m'matauni aang'ono zifukwa zake zimakhalanso zina. Mwini malo amalandira foni ali ku Lilongwe n'kuvomera, koma osauza wogwira ntchito amene akusunga buku. Mlendo amene amayenera kutuluka lero amaonjezera tsiku. Nthawi zina dzuwa likalowa kumafika munthu ndi ndalama m'manja, ndipo wa pakauntala amaona kuti ndi bwino kulandira yooneka kusiyana ndi kudikira wa m'njira. Choipitsitsa ndi chija chochotsa anthu amene adasungitsa kale malo chifukwa kwabwera gulu la ku msonkhano lofuna zipinda zonse. Pa zifukwa zonsezi palibe chimene ndi mlandu wa mlendo.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Malo ena pa Kapiri ali ndi zipinda 12, chilichonse cha K20 000 pa usiku. Lachisanu m'mawa zipinda zisanu zili ndi anthu amene akhalabe, kutanthauza kuti zotsala ndi zisanu ndi ziwiri. Mwini wake walonjeza anthu asanu ndi atatu poganiza kuti mmodzi sabwera. Cha m'ma 10 koloko wogula mbewu wina amene amayenera kutuluka akuti lole yake siidafike, agonanso. Zipinda zatsala zisanu ndi chimodzi, olonjezedwa akadali asanu ndi atatu. Pofika nthawi imeneyi, dzuwa likadali pamutu, buku likuonetsa kale kuti anthu awiri angathe kusowa pogona usikuwo.

Apa ndi pomwe malo olongosoka amasiyana ndi osalongosoka. Olongosoka amaimbira foni alendo onse asanu ndi atatu masana omwewo kuti adziwe amene akubweradi ndi nthawi yomwe afike. Akapeza kuti onse ali m'njira, amafunafuna zipinda ziwiri kwina, kuzisungitsa m'dzina la alendowo, ndipo ngati n'kotheka amatuma munthu kukaona ngati kuli madzi, neti yotchinga udzudzu ndi loko wogwira. Kenaka amafunsa ngati pali wina wolola kusamuka mwa kufuna kwake. Munthu amene ali yekha, ali ndi galimoto ndipo akupitirira ulendo m'mamawa, kawirikawiri savuta ngati auzidwa kukadali kowala.

Osalongosoka amangokhala chete n'kumapereka makiyi kwa aliyense wofika, mpaka atha. Zotsatira zake n'zakuti wosamutsidwa amakhala wofika pomalizira, amene ndiye wovuta kwambiri kumusamutsa. Ndi mayi amene minibasi idamuchedwetsa pa Kamwendo, ali ndi ana awiri ndi chikwama, ndipo mawa akufuna kulawirira kukaona wodwala pachipatala cha mishoni cha Kapiri. Pa 9 koloko usiku malo ena onse adzaza kapena atseka geti, ndipo chotsala ndi kabaza wa njinga yamoto mumdima. Banja la ana aang'ono, okalamba, olumala ndi mayi woyenda yekha sayenera kukhala oyamba kusamutsidwa, ngakhale atafika mochedwa chotani, bola ngati adanena kuti akubwera.

Nanga wolipira ndani? Mwambo wa mahotela aakulu ndi wodziwika: hotela yolakwayo imalipira usiku woyamba kumalo enawo, omwe ayenera kukhala ofanana kapena oposa, imalipira ulendo wopita kumeneko, ndipo ngati mlendo adasungitsa masiku angapo imamubweza mawa lake chipinda chikapezeka. Ena anganene kuti izi n'za ku Lilongwe ndi ku Mangochi, malo a zipinda 12 sangakwanitse. Masamu ake akuyenera kuonedwa. Ngati chipinda chapezeka ku boma pa K28 000 ndipo galimoto yopita ndi kubwera ndi K12 000, mwini malo wataya K40 000 pa mlendo mmodzi. Phindu limene amafuna polonjeza chipinda choonjezera lidali K20 000 yokha. Kusamutsa munthu mmodzi kwadya phindu la kubetcha kuwiri, ndipo n'koyenera kutero. Mwini malo amene akudziwa kuti alipira K40 000 amawerenga buku lake mosamala. Amene akudziwa kuti mtengo wake ndi pepani basi alibe chomuletsa kubwereza sabata yamawa.

Pamene vuto silidachitike dala, monga paipi yaphulika kapena denga ladontha, chifundo chingakhalepo, komabe pali malire osayenera kutsikidwa. Mlendo asalipire kuposa mtengo umene adagwirizana. Ngati kwinako n'kokwera mtengo, ya pamwambayo alipire ndi malo olakwawo, pamodzi ndi thiransipoti. Ngati kwinako n'kotsika, kunena kuti K15 000, ndiye kuti K5 000 ibwerere m'thumba la mlendo usiku womwewo. Pali chizolowezi china chonyansa chotumiza munthu kuchipinda chotchipa kwa mnzako, iwe n'kusunga yotsalayo, kotero kuti kulakwa kumasanduka malonda. Ndipo mlendo akakana malo amene apezedwawo, ali ndi ufulu wolandira ndalama yake yonse pompo, osati kuuzidwa kuti abwana adatseka kabati, abwere Lolemba.

Dera la m'malire lili ndi msampha wake. Ku Chipata kuli malo ogona ambiri, ndipo chitsegulireni chipata chogwirira ntchito pamodzi cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, anthu ambiri amaona ngati kuoloka ndi nkhani yaing'ono. Koma kutumiza mlendo tsidya lina si kumusamutsa wamba. Afunika pasipoti kapena chiphaso choolokera, afunika makwacha a ku Zambia, ndipo ngati ali ndi galimoto ndi ana, mapepala amachuluka. Mawu akuti mukapezatu malo ku Chipata, onenedwa kwa munthu amene waima pa Kapiri usiku, ndi njira ina yomuthamangitsira mwaulemu.

Kupepesa kwenikweni kumafuna kulembedwa, ngakhale pauthenga wa pafoni, ndipo kusachuluke mawu. Kungamveke motere: "Mayi, talakwa ndife, chipinda chomwe mudasungitsa lero sitikhala nacho. Takupezerani china pamalo akutiakuti, talipira kale, ndipo galimoto ikunyamulani pano 5 koloko n'kudzakubwezani mawa 6 koloko m'mawa. Mukafuna ndalama yanu m'malo mwake, tikutumizirani tsopano lino." Uthenga wotere ukuvomera mlandu popanda kunamizira netiweki kapena mnyamata wa pakauntala, ukutchula malo ndi nthawi, ukunena wolipira, komanso ukusiyira mlendo mwayi wosankha. Woyenera kuutumiza kapena kuunena pamaso ndi mwini malo kapena manijala. Kusiyira mlonda, amene alibe mphamvu yobweza ngakhale K1 000, ndi kumuika pamoto wa mlandu umene sadapalamule.

Makhoti a kunja adaiunikapo kale nkhaniyi. Mu 1968 alendo ena amene adali atasungitsa malo pa Outrigger Hotel ku Hawaii m'dziko la Amereka adafika n'kupeza kuti kulibe zipinda, ndipo adatumizidwa ku Pagoda Hotel, yomwe idali yotsikirapo. Mlanduwo, wodziwika ndi dzina la Dold, udafika kukhoti lalikulu la Hawaii, lomwe mu 1972 lidavomereza kuti alendo otere angalandire chipukutamisozi cha kusautsidwa mumtima, ngakhale lidakana zoti hotelayo ilipitsidwe ndalama ina yachilango. Khoti lomwelo lidadzachepetsa mphamvu ya chigamulochi mu 1999, koma mlanduwu udaonetsa kuti kupezera mlendo bedi kwina sikufafaniza lonjezo limene laswedwa.

Kuno kumudzi kuli lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a anthu amene alipira chinthu koma osachilandira. Vuto ndi lakuti dandaulo limafuna umboni, ndipo kusungitsa malo kwambiri kwa Dambe ndi ku Mchinji konse kumachitika pakamwa. Munthu amene adangoimba foni n'kumva kuti bwerani malo alipo, osalipira kanthu, osanena nthawi yofika, mlandu wake ndi wofooka, ndipo nawo eni malo ali ndi dandaulo lomveka pa anthu amene amasungitsa zipinda m'malo atatu n'kugona m'modzi osadziwitsa enawo.

N'chifukwa chake banja lokonzekera ulendo m'nyengo yodzaza lichita bwino kulipira dipoziti pafoni, kusunga uthenga wa malipirowo, ndi kupempha uthenga wina wotchula tsiku, mtengo, chiwerengero cha zipinda ndi dzina la amene walandira. Tsiku la ulendo liimbenso cha m'ma 12 koloko masana, ndipo minibasi ikachedwa litumize uthenga wonena ola limene lifike. Eni malo nawo alembe poonekera ola limene chipinda chosalipiridwa chimaperekedwa kwa wina, kaya ndi 6 koloko madzulo, ndi kunena momveka kuti chipinda cholipiridwa chimadikira mwini wake mpaka kucha.