Mpamba uziwerengedwa m'mabelo

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank, itagwetsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Amene adali ndi katundu m'shopu tsiku limenelo adapuma. Amene adali atagulitsa zonse n'kusunga ndalama kuti akaode sabata yamawa adalira, ngakhale kuti palibe tambala imene idasowa m'chikwama mwake.

Ambiri ochita geni amaika mtengo poyang'ana ndalama zimene adaodera. Mitengo ikamakwera mwezi ndi mwezi, chofunika kuyang'ana ndi ndalama zimene ukaodere ulendo wotsatira.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika. Wapikula belo ku Limbe pa K400,000, ndipo pakutha masabata asanu wapeza K480,000. M'kope mwake walemba kuti phindu ndi K80,000. Watapako K50,000 ya fizi ndi ndiwo, poti ndi phindu lake, ndani angamuletse? Pobwerera ku Limbe wapeza belo lomwe lija lili pa K460,000, kuonjezapo K15,000 ya thiransipoti ndi onyamula. Ndiye kuti phindu lenileni lidali K5,000 yokha, ndipo K45,000 mwa ndalama adadya zija idali mpamba. Tsopano ali ndi K430,000, yosakwana belo. Atenga lotsika, kapena akongola ku banki m'khonde pa chiongoladzanja chimene belo limodzi silingabweze.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ndalama za m'kope zikukula, koma katundu pa benchi akuchepa. N'chifukwa chake ine ndimati mpamba uziwerengedwa m'mabelo, m'makatoni, m'zigubu. Ngati chaka chatha unkaoda mabelo awiri ndipo lero ukuoda limodzi ndi theka, geni yabwerera m'mbuyo, kaya ndalama zikuoneka zambiri bwanji.

Mayi uja akadaimbira foni wopikulitsa pakati pa mwezi, akadamva mtengo watsopano n'kukweza zovala zotsalazo zisanathe. Komanso sakadadikira kuti chovala chomaliza chigulidwe. Ndalama ya belo ikangokwana, n'kwabwino kukaoda tsiku lomwelo, chifukwa kwacha yogona m'chikwama ikutha ngati sopo wosiyidwa m'madzi. Ngongole za makasitomala nazo n'chimodzimodzi: K20,000 yobwezedwa patatha miyezi itatu sigulanso zimene ikadagula tsiku lokongoza.

Pali malire ake, inde. Malipiro a ogula sakwera pamodzi ndi belo, ndipo mnzako wa benchi yoyandikana amene akugulitsabe pa mtengo wakale akulanda makasitomala kwa masabata angapo, kufikira naye atakaona za ku Limbe. Apa nzeru n'kukweza kwambiri zovala zoyambirira kusankhidwa, zimene anthu amalimbirana belo likangotsegulidwa, n'kusiya zotsalira zipite motchipa kuti ndalama isamangike. Kukundika katundu woyenda pang'onopang'ono poti mawa akwera n'kulakwanso, chifukwa majuzi oodedwa mu Ogasiti adzakhala m'thumba mpaka Meyi, lendi ndi chiphaso cha msika zikudya ndalama tsiku ndi tsiku.