SWOT sithera pa mabokosi anayi

Mkangano wa SWOT pakati pa ophunzitsa zamalonda wafika potopetsa. Ena akuti chidachi chinatha ntchito, chitayidwe. Koma akuchiweruza ndi theka la ntchito yake, loti wophunzira adzaze mabokosi anayi a mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo, kenaka n'kudikira malikisi. Cholakwika si chida ayi, koma kulekezera panjira.

Umboni otsutsawo ali nawo ndithu, ndipo satopa kuutchula. Mu 1997 Terry Hill ndi Roy Westbrook atafufuza makampani a ku Britain anapeza kuti SWOT inkangobala mindandanda ya mfundo zoposa 40, zosasanjidwa, zomwe palibe anazigwiritsanso ntchito. Chimene satchula n'chakuti mankhwala ake analipo kale. Mu 1982 Heinz Weihrich anasonyeza njira ya TOWS: tenga mfundo imodzi ya m'kati mwa kampani, uilumikize ndi imodzi ya kunja, ufunse kuti ziwirizi zikutiuza kuti tichite chiyani.

Taonani Fujifilm ya ku Japan. Msika wa filimu yojambulira zithunzi unafika pachimake cha m'ma 2000, kenaka unayamba kugwa chifukwa cha makamera a dijito. Wophunzira waulesi alemba "dzina lotchuka" pa mphamvu, "luso lamakono" pa ziopsezo. Mawu otere akwanira kampani iliyonse, n'chifukwa chake sabala kanthu. Wakhama afunsa kuti kampaniyi imadziwa chiyani chimene anzake sadziwa. Filimu imapangidwa ndi jelatini wochokera ku kolajeni, yemwenso ali m'khungu la munthu, ndipo akatswiri a kampaniyi anatha zaka akufufuza zoteteza zithunzi kuti zisafwifwe. Ukaika luso limeneli pambali pa msika wa zodzoladzola, langizo likubwera lokha. Mu 2007 Fujifilm inatulutsadi mafuta odzola a Astalift. Luso lake lopaka mankhwala mopyapyala kwambiri linapezanso msika m'magalasi a wailesi za kanema ndi makompyuta.

Choncho m'bokosi lililonse musiye mfundo zitatu zokha, iliyonse ndi umboni wochokera m'nkhani ya kampaniyo. Za m'kati zisasakanikirane ndi za kunja: "kutsegula sitolo zatsopano" si mwayi, ndi chochita chimene chalowa m'bokosi lolakwika. Langizo lililonse litchule mfundo ziwiri zimene zalibala. Likalephera, ndiye kuti wolembayo anali nalo kale m'mutu, SWOT inali yokongoletsera chabe.

Pali pamene otsutsawo akunena zoona. Kulumikiza mfundo kumabala zochita zambiri, koma sikunena kuti chotsika mtengo n'chiti, kapena kuti kampani ingapirire zaka zingati isanaone phindu. Komanso nkhani ya Fujifilm ikuoneka yosavuta chifukwa mathero ake tikuwadziwa kale. Komabe zimenezi zikungofuna kuti wolemba awonjezere ndime yosanja malangizowo potengera ndalama, nthawi ndi kuopsa kwake, asankhe limodzi loyambira, anenenso chifukwa chimene enawo ayenera kudikira.